Miini, midiyani ndi modi: yambani mwaika manambala pa mzere

Abale, ngati akupatsani pepala la mafunso a sitatisitikisi pali timanambala tomwazikana ndiye akuti pezani miini, midiyani ndi modi, musathamangire kakyuleta. Ine ndachongako mapepala oterewa ambirimbiri ndipo chomwe ndimaona nchakuti anthu salakwa chifukwa masamu ake ndi ovuta ayi, kuphatikiza ndi kugawa aliyense amatha. Amalakwa chifukwa amayamba ntchito manambala akadali balala mmene anabwerera pa pepalapo, ndiye ina yasowa, ina yawerengedwa kawiri, yapakati atenga yolakwika, malikisi apita basi.

Tiyeni titenge funso limodzi tiyende nalo mpaka kumapeto. Tinene kuti ana 9 analemba mayeso a malikisi 20 ndipo pa pepala alemba zomwe anapeza motere:

14, 6, 12, 6, 19, 13, 8, 6, 15

Choyamba, werengani kuti manambala alipo angati ndipo mulembe pambali. Apa alipo 9. Zikuoneka ngati zachibwana koma 9 ameneyu tizimufuna kangapo konse, mmabuku ambiri amamutchula kuti n, ndiye lembani n = 9 pakona penapake muzimuona.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, sanjani manambalawo kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Mmene ndimapangira ine ndi chonchi, ndimayang'ana yaing'ono kwambiri pa mzere wa funsowo, kuilemba pansi pa mzere watsopano, kenaka kuidula ndi pensulo pa mzere woyamba uja kuti ndisaitengenso. Yaing'ono apa ndi 6, koma ma 6 alipo atatu, onse atatuwo alembedwe. Musamati poti 6 ndalemba kale enawo ndiwasiye, ayi, ameneyo ndi mwana wina yemwe naye anapeza 6, ali ndi malo ake pa mzere. Mukatha mzere wanu uoneke chonchi:

6, 6, 6, 8, 12, 13, 14, 15, 19

Ndiye werenganinso. Akwana 9? Ngati mwapeza 8 ndiye kuti ina mwaisiya mmbuyo, bwererani mukaone yomwe simunadule. Ngati mwapeza 10 mwalemba ina kawiri. Kamphindi kameneka sikatenga olo masekondi khumi koma kamapulumutsa funso lonse, chifukwa mukalakwitsa apa mayankho onse atatu atha kulakwika limodzi ngakhale njira yanu ili yolondola.

Tsopano poti tasanja, ine ndimakonda kuyamba ndi modi olo funso litayamba ndi miini, chifukwa ili poonekeratu. Modi ndi nambala yomwe yabwera kambiri kuposa zinzake. Pa mzere wosanja uja manambala ofanana amakhala moyandikana ndiye diso limangogwerapo, 6, 6, 6, enawo kamodzikamodzi. Modi ndi 6.

Koma taonani pomwe anthu amagwera. Wina amawerenga bwinobwino kuti 6 wabwera katatu, ndiye pa yankho nkulemba 3. Aaa ayi. Funso silikufuna kuti nambalayo yabwera kangati, likufuna nambala yeniyeniyo yomwe yabwerayo. Ukafuna kudzigwira wekha, yang'ana ngati yankho lako lilipo pa mzere uja. Modi nthawi zonse imakhala imodzi mwa manambala omwe wapatsidwa, ndiye ngati walemba 3 pomwe pa mzere palibe mwana anapeza 3, dziwa kuti walemba zina.

Nthawi zina manambala awiri amafanana mphamvu, mwachitsanzo 2, 2, 5, 7, 7, 9, apa 2 wabwera kawiri 7 nayenso kawiri, ndiye mamodi alipo awiri, mulembe onse, 2 ndi 7. Osawaphatikiza nkugawa ndi 2 ngati mukufuna yapakati, 4.5 si modi ya chilichonse apa. Ndipo ngati nambala iliyonse yabwera kamodzi kokha, lembani ndi mawu kuti palibe modi. Osalemba 0. Mukalemba 0 wochonga amva kuti mukunena kuti 0 ndiye wabwera kambiri, zomwe zili zina.

Tipite ku midiyani. Iyi ndi nambala yomwe yaima pakatikati pa mzere wosanja, kumanzere kwake ndi kumanja kwake kukhale manambala ochuluka mofanana. Njira yosavuta pa manambala ochepa ngati awa ndi kuika chala kumayambiriro china kumapeto nkumasuntha limodzi kulowera pakati. Chotsani 6 ndi 19, chotsani 6 ndi 15, chotsani 6 ndi 14, chotsani 8 ndi 13, watsala yekha 12. Midiyani ndi 12. Kumanzere kwake kuli anayi, kumanja anayi, zatheka.

Mukadapanda kusanja bwenzi mutatenga nambala yachisanu pa mzere wa funso uja, yomwe ndi 19, ndipo 19 ndi amene anakhoza kuposa onse mkalasimo, angakhale bwanji wapakati? Koma mayankho ngati amenewa ndimawaona, munthu walemba molimba mtima mpaka kudula mzere kunsi kwake.

Palinso kafomyula komwe aphunzitsi ambiri amapereka kopezera malo a midiyani, ndipo kamathandiza manambala akachuluka zala zikayamba kusokonezeka:

```
(n + 1) ÷ 2
```

Kwa ife ndi (9 + 1) ÷ 2 = 5. Chonde mvetsetsani apa, 5 ameneyu si midiyani. Akungokuuzani kuti pitani pa malo achisanu pa mzere wosanja mukaone yemwe wakhalapo. Muwerenge, 6 woyamba, 6 wachiwiri, 6 wachitatu, 8 wachinayi, 12 wachisanu. Ndi 12 yemwe uja. Vuto lake ndi lofanana ndi la modi lija, munthu kusokoneza malo ndi mwini malo. Ine ndimalemba kuti "malo a nambala 5" ndi mawu kuti mutu usandinamize.

Tsopano miini, yomwe ambiri timangoti avereji. Muphatikize manambala onse, zomwe mwapeza mugawe ndi kuchuluka kwa manambalawo. Ganizo lake ndi lakuti malikisi onse a ana 9 aja titawasonkhanitsa pamodzi nkuwagawa mofanana, aliyense angapeze angati?

Phatikizani pogwiritsa ntchito mzere wosanja womwe uja, ndipo muzilemba pomwe mwafika. Ma 6 atatu ndi 18. Kuonjezera 8 ndi 26. Kuonjezera 12 ndi 38, 13 ndi 51, 14 ndi 65, 15 ndi 80, 19 ndi 99. Onse pamodzi 99. Ngati nthawi ilipo phatikizaninso kuyambira kumapeto kubwerera mmbuyo, chifukwa ukabwereza njira yomweyo mutu umakonda kulakwitsa pamalo pomwe unalakwitsa poyamba. Kenaka:

```
99 ÷ 9 = 11
```

Miini ndi 11. Palibe mwana anapeza 11 pa mzerepo ndipo palibe vuto, miini simakakamizika kukhala imodzi mwa manambala aja. Itha kukhalanso ya pointi ngakhale zomwe mukuwerengazo ndi zinthu zosaduka pakati ngati anthu, musaope mukapeza 2.85 kapena 9.9.

Lembani 99 ameneyo pa pepala asanagawidwe. Ochonga ambiri amapereka malikisi a njira, ndiye olo mugawe molakwika kumapeto mumakhala mwatolako kenakake. Ukangolemba 11 yekha kapena choipitsitsa nambala yolakwika yokha, palibe pogwira.

Za kakyuleta ndinenepo pang'ono chifukwa imapweteketsa anthu. Kakyuleta ya sayansi, ndi za mmafoni zambiri, zimatsata lamulo loti kugawa kumayamba kuphatikiza kumabwera pambuyo. Ndiye mukalemba manambala onse ndi mapulasi kenaka kumapeto nkungodina kugawa ndi 9 osaika mabulaketi, iyo igawa 19 yekha ndi 9 nkuphatikiza ndi 80 wa enawo, ikupatsani 82.11 ndi timanambala tina kutsogoloko. Mayeso a malikisi 20 avereji 82? Chokonza chake nchosavuta, dinani batani la = mukamaliza kuphatikiza, muone 99, kenaka mugawe. Kapena muike manambala onse mmabulaketi.

Apa mpomwe pali kachiyeso kamene ndimafuna aliyense atakazolowera. Miini ndi midiyani sizingakhale pansi pa nambala yaing'ono kwambiri kapena pamwamba pa yaikulu kwambiri. Kwa ife ziyenera kugwera pakati pa 6 ndi 19. Zikatuluka kunja kwa mpanda umenewu musavutike nkuganiza, zalakwika. Koma kukhala mkati sikutanthauza kuti zakhoza, ndiye ngati mukufuna kutsimikiza miini kwenikweni pali njira ina yokoma. Onani kuti nambala iliyonse yatalikirana bwanji ndi 11. Omwe ali pansi, ma 6 atatu aliyense waperewera 5, ndiye 15, ndipo 8 waperewera 3, pamodzi 18. Omwe ali pamwamba, 12 wapitirira ndi 1, 13 ndi 2, 14 ndi 3, 15 ndi 4, 19 ndi 8, pamodzi 18. Zoperewera ndi zopitirira zafanana ndendende. Miini yolondola imatero nthawi zonse, ili ngati pomwe sikelo imakhazikika. Mukadapeza 12 molakwika mbali ziwirizi sizikadafanana. Pa mayeso enieni mwina nthawi singalole koma pa homuweki yesani, mudzamva kuti miini ndi chani osati kungoloweza.

Ndiye pa funso lathu, miini 11, midiyani 12, modi 6.

Tsopano olemba mapepalawa amakonda kupotoza pang'ono pa gawo lachiwiri. Tinene akuti kunabweranso mwana wachikhumi analemba nawo mayesowo ndipo anapeza 0, pezaninso zonse zitatu. Apa pali misampha iwiri nthawi imodzi.

Woyamba ndi 0 yemweyo. Poti kuphatikiza 0 sikusintha kanthu, 99 akhalabe 99, anthu amaiwala kuti mwanayo alipo nkugawabe ndi 9. Ayi, ana tsopano ndi 10, ndiye 99 ÷ 10 = 9.9. Avereji yatsika kuchoka pa 11 kufika pa 9.9 chifukwa malikisi omwewo akugawidwa kwa anthu ambiri. Ziro ndi nambala, amawerengedwa, amakhala pa mzere ngati anzake. Zikanakhala kuti mwanayo sanabwere nkomwe ndipo pa dzina lake palibe chomwe chalembedwa, imeneyo ndi nkhani ina, koma funso likati anapeza 0 ndiye kuti ali mgulu.

Wachiwiri ndi midiyani. Mzere watsopano ndi uwu:

0, 6, 6, 6, 8, 12, 13, 14, 15, 19

Yendetsani zala zija kuchokera mbali zonse, muona kuti kumapeto sikutsala nambala imodzi, kutsala awiri, 8 ndi 12. Zimatero nthawi zonse kuchuluka kwa manambala kukakhala kogawika ndi 2. Kafomyula kaja kakupatsani (10 + 1) ÷ 2 = 5.5, kutanthauza kuti midiyani ili pakati pa malo achisanu ndi achisanu ndi chimodzi. Musasankhe yomwe yakusangalatsani, ndipo musalembe onse awiri ngati mmene timachitira ndi mamodi. Phatikizani awiriwo mugawe ndi 2:

```
(8 + 12) ÷ 2 = 10
```

Midiyani ndi 10, olo palibe mwana wa 10 pa mzerepo. Mabulaketi aja musaiwale, mukapanda kuwaika kakyuleta ikupatsani 14, chifukwa igawa 12 yekha kenaka nkuphatikiza 8. Ndipo 14 ndi woopsa kuposa 82 uja chifukwa amaoneka ngati zoona, alinso pa mzere pomwepo. Chomugwirira nchakuti yankho liyenera kugwera pakati pa awiri aja, pakati pa 8 ndi 12, ndipo 14 sali pamenepo. Awiri apakatiwo akakhala ofanana, tinene 7 ndi 7, midiyani ndi 7 basi palibe chovutikira.

Modi sinasunthe, ndi 6 yemwe uja.

Pali funso lina lomwe limabwera kumapeto kwa mapepala ambiri, loti mwa zitatuzi ndi iti yomwe ikuimira bwino gululi ndipo chifukwa chani. Ambiri amangolemba miini poti ndi yomwe anaivutikira kwambiri. Tabwererani kwa ana 9 aja, muyerekeze kuti polemba wina anatembenuza 19 nkulemba 91. Onse pamodzi akhala 171, kugawa ndi 9 ndi 19. Avereji yalumpha kuchoka pa 11 kufika pa 19 chifukwa cha nambala imodzi yokha, pomwe ana 8 enawo palibe olo mmodzi anafika pa 19. Midiyani? Ikadali 12, chifukwa iyo imangoyang'ana yemwe ali pakati, wakumapetoyo kaya ndi 19 kaya 91 kaya 900 ili nazo chani. Ndiye ngati pa manambala omwe mwapatsidwa pali imodzi yotalikirana kwambiri ndi zinzake, yankhani midiyani ndipo mutchule nambala yotalikiranayo kuti ndi imene ikukoka miini. Ngati manambala ali moyandikana bwino, miini ndi yabwino poti imagwiritsa ntchito nambala iliyonse. Modi pa ana athuwa siyikuthandiza kwenikweni, kunena kuti kalasi iyi ndi ya 6 pomwe 6 ndi malikisi otsikitsitsa nkuwanamizira anawo. Modi imagwira bwino ntchito pomwe zinthuzo si manambala, monga akafunsa mtundu womwe ana ambiri amakonda, wofiira kapena wobiriwira, pamenepo sungaphatikize kapena kugawa, modi yokha ndi imene ingapezeke.

Chomaliza chomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi pomwe manambala abwera mu tebulo, chifukwa anthu omwe amakhoza zonse zammwambazi amafika apa nkusokonekera. Tinene mayeso anali a mafunso 5 ndipo tebulo likuti: okhoza funso 1 analipo 2, okhoza 2 analipo 7, okhoza 3 analipo 5, okhoza 4 analipo 4, okhoza onse 5 analipo 2. Tebuloli ndi mzere womwe uja wosanjasanja kale, angoupinda kuti usatalike. Mukautambasula ndi 1 kawiri, 2 kasanu ndi kawiri, 3 kasanu, 4 kanayi, 5 kawiri. Ngati mwasokonezeka tambasulani ndithu pa pepala lapadera, si manyazi.

Ana onse ndi 2 + 7 + 5 + 4 + 2 = 20, ndiye n ndi 20, osati 5. Mizere ya tebulo ndi imene ili 5, ana ndi 20. Kuti mupeze malikisi onse pamodzi, taimusani nambala iliyonse ndi kuchuluka kwa ana ake:

```
1×2 + 2×7 + 3×5 + 4×4 + 5×2 = 57
57 ÷ 20 = 2.85
```

Miini ndi 2.85. Wogawa 57 ndi 5 apeza 11.4, yomwe yadumpha mpanda uja poti palibe angapose 5. Wina amangophatikiza 1, 2, 3, 4, 5 nkugawa ndi 5 kupeza 3, ameneyu wataya ana onse nkusunga mitu ya tebulo yokha, ndipo poti 3 ali pafupi ndi 2.85 sazindikira nkomwe kuti walakwa.

Midiyani, (20 + 1) ÷ 2 = 10.5, tikufuna mwana wa nambala 10 ndi wa nambala 11. Yendani mu tebulo mukuonjezera ana. Ma 1 atenga malo awiri oyamba. Ma 2 alipo 7, atifikitsa pa malo 9. Ma 3 ayambira pa malo 10 mpaka 14. Ndiye wa 10 ndi wa 11 onse ndi ma 3, midiyani ndi 3. Yapezeka kuti ndi mzere wapakati wa tebulo koma zangochitika, pakanakhala ana ena awiri okhoza 2 mmalo mwa awiri okhoza 3 bwenzi ma 2 atafika pa malo 11 ndipo midiyani ikanakhala 2. Modi ndi pomwe pali ana ambiri, 7 aja, ndipo anakhoza 2, ndiye modi ndi 2 osati 7.

Za mapointi, ngati kugawa sikukutha, mwachitsanzo 30 ÷ 7 yomwe imapereka 4.2857 nkumapitirira, onani zomwe funso lanena. Likati malo amodzi pambuyo pa pointi ndi 4.3, likati awiri ndi 4.29. Kudula kumeneku muchite kumapeto kokha, osati mkatikati mwa ntchito. Ndipo ngati manambala anali ndi muyezo, masentimita kapena makilogalamu, mayankho onse atatu atenge muyezo womwewo.

Amene muli ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel kapena Google Sheets mutha kuchonga nokha homuweki mukamaliza. Lembani manambala 9 aja kuyambira A1 kutsika mpaka A9, kenaka mmabokosi ena:

```
=AVERAGE(A1:A9)
=MEDIAN(A1:A9)
=MODE(A1:A9)
```

Muyenera kuona 11, 12 ndi 6. Ingosamalani ndi yachitatuyo, mamodi akakhala awiri imangokupatsani imodzi, ndipo pakakhala palibe nambala yobwereza imalemba #N/A, komwe ndi kunena kwake kuti palibe modi. Bokosi lomwe mwalisiya lopanda kanthu siliwerengedwa pa avereji, pomwe lomwe mwalembamo 0 limawerengedwa, ndiye mwana wachikhumi uja mumulembere 0 wake mu A10 ndipo musinthe A9 akhale A10 mmafomyula onse atatu, mukatero mupeza 9.9, 10 ndi 6.